Jiberelini ndi kutalika kwa tsinde: zimene mpunga ndi nzimbe zimaonetsa

Tengani nzimbe imodzi yokhwima ya m'dimba la kuno ku Kasungu, muchotse masamba onse, muiyang'ane kuyambira pansi mpaka kunsonga. Mipindi yake, kutanthauza zigawo za pakati pa mfundo ndi mfundo, siikhala yofanana. Pali chigawo cha mipindi italiitali, kenaka mfundo zimayamba kuthithikana, mwina pamwamba pake mipindi n'kuyambanso kutalika. Amene anadzala nzimbeyo angakuuzeni kuti mipindi italiitali inakula nthawi ya dzinja kuli kotentha ndi madzi ambiri, pamene ifupiifupiyo inakula m'chisanu cha Juni ndi Julayi. Chomera ndi chimodzi, majini ndi amodzimodzi, koma mpindi uliwonse unatalika malinga ndi mmene zinthu zinalili pa masabata ochepa amene unali wanthete. Ukakhwima, zatha: ngakhale mutauthira chiyani, sutalikanso.

Pa mayeso ophunzira ambiri amalemba kuti jiberelini, homoni ya zomera, amatalikitsa tsinde, n'kulekera pomwepo. Si bodza, koma yankho limeneli silingakuthandizeni munthu akakuonetsani mbewu yofupika n'kukufunsani chimene chavuta. Mbewu ikhoza kufupika chifukwa sikupanga jiberelini wokwanira, kapena ikumuwononga msanga, kapena ali wambiri ndithu koma maselo sakumumva. Kunja zonsezi zimaoneka mofanana. Kuti muzisiyanitse muyenera kudziwa malo amene kutalikako kumachitikira ndi njira imene homoniyi imadutsa.

Malo amene tsinde limatalikira

Mpunga ndi nzimbe zonse ndi za banja la udzu, ndipo udzu sutalikira kunsonga kokha. M'munsi mwa mpindi uliwonse wanthete, pamwamba penipeni pa mfundo, muli kachigawo ka maselo ogawikana kotchedwa meristemu yapakati. Maselo atsopano amabadwira pamenepo, amakankhidwira m'mwamba kumene amatanuka m'litali, kenaka makoma awo amalimba ndi liginini. Ndiye chifukwa chake mukakoka nsonga ya udzu imadukira pamwamba pa mfundo, ndipo kachigawo koyera kamene kamasololokako kamakhala kofewa.

Jiberelini amagwira ntchito pa zigawo ziwiri zoyambazo. Amafulumizitsa kugawikana kwa maselo, komanso amafewetsa makoma kuti mphamvu ya madzi a m'selo iwatanule. Kufewetsako kumadzera m'mapuloteni otchedwa ekisipansini ndi ma enzaimu a gulu la XTH, amene amamasula ulusi wa khoma. Palinso china chofunika: timachubu ta mkati mwa selo timayalidwa mopingasa, ulusi wa selulozi n'kukulungidwa mozungulira selo, motero selo silingafufume m'mbali koma m'litali basi. Apa jiberelini amasiyana ndi homoni ina yotalikitsa maselo, okisini. Okisini amawawasitsa khoma ndipo zotsatira zake zimaoneka pa mphindi 10 kapena 15, pamene jiberelini sadzera njira ya asidi, ndipo mu mpunga wa m'madzi akuya pamapita mphindi pafupifupi 40 kutalika kusanayambe kuwonjezeka.

Homoni imene inatulukira m'munda wa mpunga wodwala

Alimi a ku Japan ankadziwa kalekale matenda amene amatalikitsa mbande za mpunga mopitirira, zikhale zowonda, zachikasu, n'kugwa zisanabereke. Matendawa amatchedwa bakanae ndipo amayamba ndi fangasi ya Gibberella fujikuroi. Mu 1926 Eiichi Kurosawa, akugwira ntchito ku Taiwan, anasefa madzi amene fangasiyo inkakuliramo n'kuthira pa mbande zabwinobwino, ndipo zinatalika ngakhale fangasiyo panalibe. Teijiro Yabuta anapatsa mankhwala a m'madziwo dzina loti jiberelini mu 1935, ndipo mu 1938 iye ndi Yusuke Sumiki anawayeretsa mpaka kukhala timibulu. Zoti zomera zimadzipangira zokha jiberelini zinatsimikizika mu 1958, pamene Jake MacMillan ndi mnzake anapeza jiberelini wotchedwa GA1 m'njere zosakhwima za nyemba.

Lero tikudziwa mitundu ya jiberelini yoposa 130, koma musachite nayo mantha. Imene imagwiradi ntchito ndi yochepa: GA1, GA3, GA4 ndi GA7. Yambiri mwa yotsalayo ndi masitepe a panjira kapena zotsalira zimene zatha mphamvu. Njirayo, ya masamba ndi tsinde la mpunga, mwachidule ndi iyi:

GGPP → ent-kaurene → GA12 → GA53 → GA20 → GA1 → GA8

Gawo loyamba limachitikira mu pulasitidi, lachiwiri pa khungu la endopulazimiki retikulamu, lomaliza mu saitozo. Kumapeto ndi kumene kuli nkhani. Enzaimu ya GA20ox imatenga GA53 n'kuifikitsa pa GA20, amene alibe mphamvu. Ya GA3ox imasandutsa GA20 kukhala GA1, amene ndi wamphamvu. Ya GA2ox imasandutsa GA1 kukhala GA8, amene ndi wakufa. Chomera chimasintha msinkhu wake makamaka pokweza kapena kutsitsa ma enzaimu atatuwa, ndipo GA1 akachuluka majini a awiri oyambawo amatsika, a wachitatuyo n'kukwera. Muzikumbukire zimenezi tikafika pa nzimbe.

Jiberelini sakankha, amamasula

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. M'kati mwa nyukiliyasi muli mapuloteni otchedwa DELLA, ndipo ntchito yawo ndi kuletsa kukula pogwira mapuloteni ena amene akanatsegula majini a kutalika. Mpunga uli ndi DELLA weniweni mmodzi, SLR1. Taganizirani wakabaza ali pamtsetse atagwira buleki: njinga sikufuna woikankha, ikungodikira dzanja limasule. DELLA ndiye bulekiyo, ndipo jiberelini ndi amene amaichotsa.

Amaichotsa motere. GA1 kapena GA4 amalowa m'kathumba ka puloteni yomulandira, GID1, imene inapezeka mu mpunga mu 2005. Akalowa, mbali ina ya GID1 imapindika n'kutseka kathumbako, ndipo pamwamba pa chotsekeracho ndi pamene SLR1 amadzamatirira. Zitatuzi zikagwirana, puloteni ina, GID2, imazindikira SLR1 n'kumuika chizindikiro cha yubikwitini, ndipo pulotiyazomu, chigayo cha mapuloteni cha m'selo, imamuphwanya. SLR1 akachepa, majini a ekisipansini ndi a kugawikana kwa maselo amatseguka.

Umboni wake uli m'mipunga imene majini ake anawonongeka. Mpunga wopanda GID1 umakhala wamfupi kwambiri, masamba obiriwira moderako, ndipo mukaupima mupeza GA1 wochuluka kuposa wa mpunga wamba, chifukwa chomeracho chikungopangabe homoni imene sichikuimva. Mpunga wopanda SLR1 umakhala wautali ndi wowonda ngati wa bakanae, ndipo ngakhale mutauthira mankhwala oletsa kupanga jiberelini umatalikabe. Choncho kuchuluka kwa homoni pakokha sikukuuzani msinkhu wa mbewu. Chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa DELLA amene watsala m'maselo anthete.

Mbande zitatu zofupika pa benchi

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mitundu itatu ya mpunga wofupika, A, B ndi C, pamodzi ndi mtundu wamba woyerekezera, ndipo mwauzidwa kuti mupeze pamene pavuta. Njira yakale koma yodalirika ndi ya kadontho, imene Yutaka Murakami anaikonza mu 1968.

Yambani ndi mankhwala. Molo imodzi ya GA3 imalemera magalamu 346.4. Pimani mamiligalamu 34.6, muwasungunule kaye mu etanolo wochepa popeza m'madzi okha amavuta kusungunuka, kenaka onjezerani madzi osungunulidwa mpaka mamililita 100. Mwapeza 1 mM. Mukatapa mililita imodzi n'kuidzazitsa mpaka 100, mwapeza 10 µM. Amene mumazolowera ppm, dziwani kuti 100 ppm ndi mamiligalamu 100 pa lita, pafupifupi 0.29 mM. GA3 akakhala m'madzi sachedwa kutha mphamvu, makamaka pa kutentha kapena m'madzi a alikalini, ndiye musamuwiritse, musungeni m'firiji, ndipo wosungunula kalekale musamukhulupirire.

Nyikani mbewu pa madigiri pafupifupi 30 mpaka zitamera, musankhe zofanana msinkhu, muzidzale pa agala m'kuwala kokwanira. Tsamba lachiwiri likangoyamba kutuluka, ikani kadontho ka maikulolita imodzi m'khwapa la tsamba loyamba. Pakapita masiku atatu pimani kutalika kwa chikuto cha tsamba lachiwiri, gawo lija limene limakulunga tsinde. Onani kuti apa sitikupima tsinde lenileni. Mu mpunga wamba tsinde limakhala lothithikana pansi mpaka nthawi yopanga ngala, pamene mipindi inayi kapena isanu yapamwamba imatalika. Chimene chimaoneka ngati tsinde pa mbande ndi zikuto za masamba, koma zimamvera jiberelini mwa njira yomweyo, n'chifukwa chake timazigwiritsa ntchito.

Tinene kuti A ndi B zatalika mpaka kufanana ndi mtundu wamba wothiridwa, koma C sanasunthe. Mwadziwa kale kuti A ndi B zimamva homoni, vuto lawo ndi kuchepa kwake. Kuti musiyanitse A ndi B, apatseni GA20 m'malo mwa GA3. Amene atalike ali ndi GA3ox yabwino, ndiye kuti njira yake inaduka kumtunda. Amene asatalike walephera sitepe yomaliza. Mitundu iwiri yodziwika ya ku Japan imachita chimodzimodzi: Tan-ginbozu, amene vuto lake lili pa enzaimu ya kumayambiriro yotchedwa KO, amamvera GA20, pamene Waito-C, amene GA3ox yake ndi yowonongeka, amafuna GA1 kapena GA3 wopangidwa kale. GA20 woyera ndi wovuta kumupeza ndipo ndi wodula, koma ngakhale ndi GA3 yekha mwagawa kale nkhaniyo pawiri.

Pa C musathamangire kulemba kuti GID1 ndi yowonongeka. Ikhoza kukhala GID2, akhoza kukhala SLR1 wosinthika moti sagwidwanso ndi GID1, kapenanso kufupikako n'kwa homoni ina monga burasinositeroidi. Kuti mutsimikize mufunika kupima puloteni ya SLR1 kapena kuwerenga jiniyo. Zolakwika zambiri pa ntchitoyi ndi zazing'ono. Mbande zokulira pamdima zimatalika zokha, kusiyana n'kubisika. Mbande zoyerekezera ziyenera kulandira kadontho ka zosungunulira zomwezo kopanda homoni, apo ayi simudziwa chimene etanolo wachita. Mlingo ukakwera kwambiri zonse zomvera zimafika pa malire amodzi, ndiye yesani milingo ingapo yosiyana kakhumikakhumi. Ndipo mukaona mbande imodzi yaitali, yotumbuluka, pakati pa zosathiridwa, ganizirani bakanae, chifukwa fangasiyo imayenda ndi mbewu.

Kufupika kumene kunadyetsa anthu, ndi kutalika kumene kumapulumutsa

Mpunga wautali ukalandira feteleza wambiri wa nayitirojeni umagwa ngala zikalemera. Amene analimapo Kilombero kapena Faya amalidziwa vutoli. Mu 1966 bungwe la IRRI ku Philippines linatulutsa IR8, mwana wa Peta wautali ndi Dee-geo-woo-gen wamfupi. Kufupika kwake kunachokera ku jini imodzi, sd1, imene mu 2002 inadziwika kuti ndi ya GA20ox2 yowonongeka. IR8 ali m'gulu la A ndi B lija: mukamuthira GA3 amatalika. Chimene chinamupangitsa kukhala waphindu n'chakuti mpunga uli ndi majini angapo a GA20ox. Imene inawonongekayo imagwira kwambiri m'tsinde ndi m'masamba, pamene ina imagwirabe m'maluwa, motero tsinde linafupika pang'ono koma mbewu inaberekabe bwino. Tirigu wamfupi wa nyengo yomweyo anafika pa msinkhu wofanana podzera khomo lina: majini ake a Rht amapanga DELLA wosamva homoni, ndiye ali m'gulu la C.

Jini yomweyo ya SD1 imagwira ntchito yosiyana kotheratu mu mpunga wa m'madzi akuya wa ku Bangladesh ndi maiko oyandikana nawo, kumene madzi amakwera pang'onopang'ono kwa miyezi. Chomera chikamira, mpweya wa etilini umalephera kutuluka msanga chifukwa mpweya umayenda pang'onopang'ono kwambiri m'madzi, ndiye umaunjikana m'tsinde. Etilini amatsitsa homoni ya ABA, imene imalimbana ndi jiberelini, ndipo amatsegula majini a SNORKEL1 ndi SNORKEL2, amene anafotokozedwa mu 2009. Mu 2018 kunapezekanso kuti m'mitundu ina etilini amatsegula mwamphamvu SD1 yeniyeniyo, n'kuchulukitsa GA4. Zotsatira zake n'zodabwitsa: tsinde limatha kutalika masentimita 20 mpaka 25 pa tsiku, ndipo selo la mu meristemu limene linkatenga maola 24 kuti ligawikane limangotenga pafupifupi 7.

Koma madzi osefukira mwadzidzidzi, amene amamiza munda wonse n'kuphwa pakapita masiku, amafuna nzeru ina. Mpunga umene ungayese kutalika pamenepo umatha chakudya chake chosunga, ndipo madzi akaphwa umagwa n'kufa. Mitundu yokhala ndi jini ya SUB1A imachita zosiyana: ikamira imachulukitsa SLR1 ndi mnzake SLRL1, imaleka kumva jiberelini, n'kukhala duu mpaka pafupifupi masabata awiri. Choncho munthu wosankha mbewu ya m'dambo losefukira ayenera kufunsa kaye kuti madzi a pamalopo amabwera motani, chifukwa jini yothandiza pa kusefukira kwina ndi yopha pa kwina.

Nzimbe: mpindi ndiwo nkhokwe

Mu mpunga timakolola ngala, ndiye tsinde lalitali nthawi zambiri ndi chiopsezo. Mu nzimbe tsinde ndilo zokolola, popeza shuga wa sukurozi amasungidwa m'maselo ofewa a m'mipindi. Tiwerengere ndi manambala ongoyerekezera. Mpindi wonenepa masentimita 2.5 uli ndi nkhope ya masikweya sentimita pafupifupi 4.9. Ukatalika masentimita 8, mkati mwake ndi makyubiki sentimita 39. Ukafika 11, ndi 54. Pa mpindi umodzi kusiyanako ndi kwakukulu, koma funso ndi lakuti ndi mipindi ingati imene ingasinthe chotero.

Nzimbe ndi mbewu ya kotentha, ndipo kutentha kukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 20 kutalika kwake kumachepa kwambiri, pamene masamba amapitirizabe kupanga chakudya. Ku Hawaii anayesa kupopera GA3 m'miyezi yozizira ndipo mipindi inatalikadi. Mabuku a fiziyoloje amatchula kuwonjezeka kofika matani 20 a nzimbe ndi matani 2 a shuga pa ekala. Manambalawa muziwatenga monga apamwamba penipeni, a mitundu yomvera bwino pa munda wothiriridwa, osati lonjezo la munda uliwonse.

Malire ake amachokera pa zimene taona kale. Pa nthawi yopopera, mipindi imene ikutalika imakhala yochepa, ili pansi pa nsonga yobisika m'zikuto za masamba. Yokhwima siimva kanthu. Mphamvu ya kupopera kumodzi imatha pakapita masabata ochepa, ndipo kawirikawiri mipindi yotsatira imatuluka yofupika kuposa ya nzimbe zosapopera. Zimenezi zikugwirizana ndi kudziletsa kuja, koti homoni ikachuluka chomera chimatsitsa yake. N'chifukwa chake kupopera pang'onopang'ono kangapo kunkapambana kupopera kwakukulu kamodzi. Komanso mpindi wotalika mokakamiza ukhoza kuwonda, ndipo popeza kukula kwa mkati kumadalira kunenepa kuchulukitsa ndi kunenepa komweko, kuwonda pang'ono kumadya phindu lambiri. Mpindi wathu wa masentimita 11 ukawonda kufika pa 2.2, mkati mwake mumatsika kufika pa makyubiki sentimita 42, pafupifupi pamene tinayambira. Wopima kutalika kokha anganene kuti mankhwala agwira, sikelo n'kumutsutsa.

Kukolola kukayandikira, cholinga chimatembenuka. Nzimbe imene ikutalikabe imawononga shuga pomanga maselo atsopano, ndipo mipindi yake yapamwamba imakhala ndi gulukozi ndi furakitozi wambiri m'malo mwa sukurozi. Minda ikuluikulu, ya mtundu wa imene tili nayo ku Dwangwa ndi ku Nchalo, imakhwimitsa nzimbe poleka kuthirira, ndipo nyengo yozizira imathandizira. M'maiko monga Brazil ndi Australia amagwiritsanso ntchito mankhwala a tirinekisapaki-etilo, amene amatseka makamaka GA3ox. GA20 amaunjikana, GA1 amachepa, DELLA amatsala wambiri, mipindi yatsopano imafupika, ndipo shuga amene masamba akupangabe amapita kokasungidwa. Tinganene kuti nzimbeyo yasandutsidwa Waito-C kwa masabata angapo. Mankhwala a pakilobutirazo amatseka kumtunda, pa KO, ndipo amakhalitsa m'nthaka, choncho pa mbewu yophukiranso pachitsa ngati nzimbe angavutitse mphukira za chaka chotsatira.

Kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji, kumene kuli kokwera mamita oposa 1,000, chisanu ndi chilimwe zimabwera pamodzi, ndiye mipindi yofupika ya m'dimba singaweruzidwe ndi maso kuti yafupika ndi kuzizira kapena ndi ludzu. Pa kutanuka kwa selo, jiberelini amangofewetsa khoma. Chotanula selo ndi madzi, ndipo akasowa palibe homoni imene ingalowe m'malo mwake. Wofuna kuyesa pa pulojekiti ya chaka chomaliza agawe nzimbe za mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi m'magulu anayi: zothirira zopopera, zothirira zosapopera, zosathirira zopopera, ndi zosathirira zosapopera. Pa tsiku lopopera amange kaulusi pa tsamba lapamwamba limene khosi lake, polumikizana tsamba ndi chikuto, likuonekera, kuti pokolola adzadziwe mipindi imene inali yanthete tsikulo. Pokolola apime mpindi uliwonse pawokha, kutalika ndi kunenepa komwe, kuyambira iwiri ya pansi pa chizindikirocho mpaka isanu ndi itatu ya pamwamba pake, kenaka kulemera kwa nzimbe yonse ndi burikisi, kutanthauza muyeso wa shuga wa m'madzi ake. Ngati zothirira zokha ndizo zamvera mankhwala, chimene chimafupikitsa mipindi pa dimba limenelo poyamba ndi madzi, ndipo ndalama ya GA3 ingapindule kwambiri itagulira mafuta a pampu.